Kompyuta yati ekisireyi ili bwino, nanga bwanji munthu akungowondabe?

Masiku ano ukajambulidwa pachifuwa m'zipatala zina kuno ku Blantyre, kapena m'magalimoto aja a TB amene amaima m'misika ndi m'matauni, sudikiranso kuti adokotala akweze filimu pawindo nkumayang'ana ayi. Chithunzi chimangolowa mu kompyuta, pasanathe miniti pa sikirini patuluka nambala, nde wojambula uja amangoyang'ana nambalayo nkukuuza kuti pitani mukapereke makhololo kapena bambo inu muli bwino kazipitani. Amene wawerenga chithunzicho si munthu, ndi pulogalamu ya AI. Ine ndimagwira ntchito yoona odwala ndipo mapulogalamuwa ndimawafuna, ndinene kale zimenezo kuti wina asaganize kuti ndine mmodzi mwa aja odana ndi chilichonse chatsopano. Koma mau aja akuti muli bwino kazipitani ndi amene amandisowetsa tulo, chifukwa pulogalamuyo sinanene zimenezo, ndipo singathe nkomwe kunena zimenezo.

Tiyambe ndi chimene chimachitika mkatimo. Mapulogalamu odziwika kwambiri ndi CAD4TB ya kampani ya Delft ya ku Netherlands, qXR ya Qure.ai ya ku India, ndi Lunit INSIGHT CXR ya ku South Korea. Atatu amenewa ndi amene bungwe la WHO linawaunika lisanalengeze mu 2021 kuti kompyuta ikhoza kuwerenga ekisireyi m'malo mwa munthu pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'mwamba. Mmene amaphunzirira ndi chonchi, amaonetsedwa zithunzi zambirimbiri za zifuwa, china nkuuzidwa kuti mwini wake anapezeka ndi TB, china nkuuzidwa kuti uyu analibe, mpakana pulogalamuyo imazolowera maonekedwe a mapapo a TB, mabowo aja a kumtunda kwa mapapo, zoyerayera ngati mitambo, madzi m'mbali. Nde ikalandira chithunzi chako imangofananitsa basi. Mu CAD4TB nambala yake imayambira pa 0 kulekeza 100, ndipo pambali pamabwera chithunzi china chopaka mitundu, pamene yakayikira kwambiri pamafiira, pamene sinakayikire pamakhala pa buluu.

Nambala imeneyi anthu ambiri, olo ife ogwira ntchito kuchipatala, timaimva molakwika. Ikakhala 30 sizikutanthauza kuti mwayi woti uli ndi TB ndi 30 pa 100 ayi. Ikungonena kuti chithunzichi chikufanana pang'ono ndi zithunzi za TB zimene ndinaziona, 85 ndiye kuti chikufanana kwambiri. Ndipo pulogalamuyo payokha siinena kuti uyu akayezedwe uyu asayezedwe. Pamakhala mzere umene anthu, a pulogalamu ya TB kapena a kafukufuku, amakhala pansi nkugwirizana kuti amene wadutsa apa akapereke makhololo kuti ayezedwe pa makina a GeneXpert, amene sanafike apa ayi. Mzerewo ukautsitsa ugwira odwala ambiri koma labu idzadza ndi makhololo a anthu opanda TB ndipo makatiriji a Xpert, omwe ndi odula, akuthera pakati pa mwezi. Ukaukweza usunga makatiriji koma odwala ena enieni adutsa pansi pake nkumapita kwawo. Ndiye pamene pali mzerepo pali nkhani ya ndalama, ya anthu ogwira mu labu, ya magetsi, osati ya mapapo okha ayi. Wodwala sauzidwa zimenezi, iye amangomva kuti kompyuta yakana.

Ubwino wake ulipo ndipo unaonekera konkuno. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anachita kafukufuku wotchedwa PROSPECT ku Bangwe, pa anthu akuluakulu obwera kuchipatala ndi chifuwa, zotsatira zake zinatuluka mu 2021. Gulu lina linkathandizidwa mmene timachitira masiku onse, gulu lina linkayezedwa HIV, kujambulidwa ekisireyi yowerengedwa ndi CAD4TB, amene nambala yake yakwera nkuyezedwa makhololo pa Xpert. Kwa amene anayamba mankhwala a TB, kudikira kunatsika kuchoka pa masiku ngati 11 kufika pa tsiku limodzi. Amene munayendapo ndi m'bale wanu kuchipatala katatu kanayi akungopatsidwa amokisilini ndi panado mukudziwa kuti kusiyana kumeneko si kwa masewera. Komanso madokotala amene anaphunzira kuwerenga zithunzi ngati ntchito yawo yeniyeni m'Malawi muno ndi owerengeka pa zala, ambiri amene timawerenga ekisireyi ndife makilinishani otopa, mzere wa odwala uli mpaka panja, nde pulogalamu imene siitopa, siimva njala ya masana, imawerenga chithunzi cha 200 mofanana ndi choyamba, ndi chinthu chabwino ndithu.

Tsopano masamu pang'ono, pirirani, ndi a pulayimale. Mu 2014 WHO inaika mlingo woti chida chosefera odwala ngati chimenechi chiyenera kugwira odwala TB osachepera 90 pa 100 alionse, komanso pa anthu 100 opanda TB chiziwamasula osachepera 70. Titenge kuti pulogalamu yathu ikukwanitsa ndendende mlingo umenewo, nkuiyika m'malo atatu osiyana. Manambala a anthu amene ndikuikawa ndi ongoyerekeza kuti tione mmene zimayendera, si a kafukufuku ayi.

Koyamba galimoto yaima pamsika wa Ndirande, yajambula anthu 1000 ongodutsa, ambiri athanzi, ndipo tinene kuti 10 mwa iwo ali ndi TB. Pulogalamu igwira 9, iphonya mmodzi. Pa 990 otsalawo imasula 693. Ndiye anthu ouzidwa kuti chithunzi chili bwino ndi 694, ndipo mwa iwo wa TB ndi mmodzi yekha. Pamenepo nambala yotsika ndi nkhani yosangalatsadi, munthu akhoza kupita kwawo mtima uli m'malo.

Pulogalamu yomweyo tiibweretse pa chipatala chaching'ono, anthu 1000 amene abwera okha chifukwa akutsokomola, tinene kuti 100 ali ndi TB. Igwira 90, iphonya 10. Pa 900 opanda TB imasula 630. Omasulidwa onse ndi 640, a TB ndi 10, ndiye kuti mmodzi pa 64 alionse. Zayamba kusintha eti, makina ndi omwewo, mzere ndi womwewo, chasintha ndi anthu amene aima kutsogolo kwa makinawo.

Kachitatu tipite nayo mu wodi, kwa anthu amene ali ndi HIV ndipo chitetezo chawo chatsikiratu. Kumeneko TB ndi yambiri, tinene 300 pa 1000, komanso kumeneko pulogalamu imaphonya kwambiri pa chifukwa chimene ndifotokoze pansipa, nde tinene kuti ikugwira 80 pa 100 osati 90. Yaphonya anthu 60. Pa 700 opanda TB yamasula 490. Omasulidwa ndi 550, a TB ndi 60, pafupifupi mmodzi pa 9 alionse. Nambala yotsika ija, yomweyomweyo imene inali yokhazika mtima pansi pamsika paja, mu wodi muno siyoti munthu nkugonera tulo. Pulogalamu siidziwa kuti ili pamsika kapena mu wodi. Siinamuone munthuyo akulowa, siikudziwa kuti lamba wamuboolanso kawiri mwezi uno, siinamve mkazi wake akunena kuti usiku timasintha zofunda chifukwa cha thukuta. Imaona chithunzi basi.

Ndikuuzeni za bambo wina, dzina ndi dera ndisunga. Wazaka za m'ma 30 chakumapeto, wakabaza wa njinga yamoto, anakhalapo ku Joni zaka zingapo ndipo ali komweko ma ARV anasiya, atabwera kuno sanakalembetsenso, manyazi ndi kutanganidwa. Anapita pa chipatala china mtauni muno ndi kachifuwa kosavuta kwenikweni ka masabata atatu, kouma, kutentha thupi madzulo, kusafuna nsima. Anajambulidwa, nambala inatuluka 31, mzere pamalopo unali cha m'ma 40. Mu kabuku kake ka kuchipatala munalembedwa mzere umodzi, `CXR: CAD neg`, kutanthauza kuti kompyuta sinaone TB pa ekisireyi, pansi pake amokisilini wa masiku 5. Za HIV sanafunsidwe ndipo iye sananene. Makhololo sanatengedwe poti nambala sinafike.

Chimene chinachitika pambuyo pake ndi chimene ndikufuna muchione bwino, chifukwa kuphonya koyambako kumachitika, olo dokotala wodziwa akanatha kunena kuti chithunzicho chilibe vuto. Vuto ndi loti mzere umodzi uja mu kabuku unayamba kugwira ntchito ngati chidindo. Patatha masabata awiri sakupeza bwino, anapita pa kiliniki ina yolipira, woona odwala kumeneko atatsegula kabuku nkuona kuti TB inafufuzidwa kale ndi kompyuta, basi maganizo ake anapita kwina, malungo anayeza sanapezeke, nkumupatsa mankhwala ena a chibayo. Kunyumba nako achibale atanena kuti koma chifuwachi osakhala chachikulu chimenechi, mkazi wake ankayankha kuti ayi anajambula kale, makina anakana. Nde poti makina anakana, nkhani inayamba kulowera kwa amalume ena akumudzi amene anakangana nawo za munda. Nthawi yonseyi akugona chipinda chimodzi ndi ana awiri, wamng'ono wazaka 3.

Mmene ankafika kwa ife anachita kumugwirira uku ndi uku. Amene anayamba kukayikira ndi anesi a pa sikelo, osati wina aliyense wa maudindo. Anangotsegula kabuku nkuona kuti tsiku lojambulidwa lija sikelo inali 58, lero 51, pasanathe miyezi iwiri. Anamufunsa mkaziyo, mayi, bambowa anayezetsapo magazi? Mayiwo anayang'ana pansi nkunena kuti adokotala afunseni eni ake. Atatuluka onse m'chipindamo bamboyo ananena yekha za ku Joni zija. Mtima unkagunda ka 124 pa miniti, thupi 39 ndi kadontho, kuyenda yekha osatha. Zimenezi ndi zizindikiro zoopsa zimene WHO inalemba kwa munthu wa HIV, kupuma kopitirira ka 30 pa miniti, mtima kupitirira 120, kutentha kupitirira 39, kulephera kuyenda popanda womugwira, ndipo chimodzi chokha chikwanira kuti munthuyo asabwererenso kunyumba ndi mapiritsi a chifuwa wamba. CD4, muyeso wa asilikali a chitetezo m'magazi, inatuluka 48. Chilichonse chochepera 200 timati matenda afika patali. Tinayeza mkodzo ndi kachida kaja ka LAM, kamaoneka ngati koyezera mimba, umadonthezapo mkodzo nkudikira maminiti 25, mzere wachiwiri unatuluka woonekeratu osachita kusinzinira. Mankhwala a TB anayamba tsiku lomwelo. Makhololo anavuta kutuluka poti chifuwa chinali chouma, atatuluka mawa lake Xpert inapezamo TB koma yochepa kwambiri. Pa sikani ya pamimba panaoneka zotupa za mwanabere mkati komanso timadontho takuda mu kapamba, kutanthauza kuti TB inali itamwazikana thupi lonse.

Chithunzi choyamba chija tinachipeza nkuchiyang'ananso. Kunena zoona mapapo anali oyera bwinobwino, palibe bowo, palibe mtambo. Ukayang'anitsitsa pakati pa chifuwa, chakumanja kwa njira ya mpweya, panali potupa pang'ono, mwina mwanabere, koma zimenezi zimaoneka bwino ukadziwa kale yankho. Ine sindingaiimbe mlandu pulogalamuyo, 31 inali nambala yoona ya chithunzi chimenecho.

Nanga bwanji munthu TB ili thupi lonse mapapo nkumaoneka abwinobwino? Apa ndi pamene ambiri amadabwa. Zimene timaziona pa ekisireyi ya TB, mabowo ndi zoyera zija, si tizilombo ta TB ayi, tizilomboto ndi tating'ono kwambiri sitingaoneke pa chithunzi. Chimene chimaoneka ndi zotsatira za nkhondo, asilikali a m'thupi akazinga tizilomboto nkumamenyana nato mnofu wa mapapo umatupa, umaola pakati, munthu nkutsokomola zoolazo, pamalopo nkutsala bowo. Ndiye kuti kuti chithunzi chioneke choipa pamafunika chitetezo champhamvu ndithu. Munthu wa CD4 ya 48 asilikali alibe, palibe womenya nkhondoyo, tizilombo timangodutsa m'mapapo nkulowa m'magazi, kupita ku mwanabere, kapamba, chiwindi, m'mafupa a msana, pa kathumba kokuta mtima, mpaka ku ubongo. Mapeto ake amene wadwalitsitsa, amene TB ingamuphe m'masabata ochepa, ndi amene chithunzi chake chingathe kuoneka bwino kuposa cha mnzake wamphamvu amene akuyenda yekha ndi bowo m'mapapo. Ndi chifukwa chake mapulogalamuwa, akawayesa, amapezeka kuti amaphonya kwambiri mwa anthu a HIV komanso mwa amene makhololo awo ali ndi tizilombo tochepa. Ndipo kuno kwathu odwala TB ambiri ndi omwenso ali ndi HIV, nde iyi si nkhani yapambali, ndi odwala athu a tsiku ndi tsiku. Olo atabweretsa pulogalamu yanzeru kuposa iyi kakhumi, chimene sichili pa chithunzi singachione.

Ndiwonjezere kuti LAM nayonso si mulungu. Ikatuluka kuti ilipo kwa munthu wotere timakhulupirira nkuyamba mankhwala, koma ikakana siinatsutse kanthu, imaphonya odwala ambiri, pafupifupi theka. Xpert ya makhololo chimodzimodzi imatha kuphonya TB ikakhala kunja kwa mapapo. Pali odwala amene zonse zitatu zimakana koma tikawaona mmene alili timayambabe mankhwala a TB, ndipo malamulo a kachiritsidwe amalola zimenezo kwa munthu wodwalika wa HIV.

Mbali ina ndi ya matenda amene si TB nkomwe. Mukudziwa pa rodibuloko apolisi ndi a zankhalango akamasaka makala, amasuzumira kumbuyo kwa galimoto, sanaone thumba, akukodola kuti dutsani. Kukodolako sikukutanthauza kuti mabuleki anu ali bwino kapena kuti matayala sanathe, iwo amafuna makala basi. Nambala ya TB ndi chimodzimodzi. Zoona mapulogalamu ena monga qXR amalozanso zinthu zina, madzi m'chifuwa, mtima wokula, kachotupa, koma chimene WHO inavomereza mu 2021 chinali kufufuza TB kokha, ndipo m'malo ambiri ogwira ntchito amangoyang'ana nambala ya TB ija, zinazo palibe amene amazitsegula. Ndiye agogo osuta chingambwe zaka 40 amene akutsokomola magazi, nambala yawo ikatsika, funso la khansa ya m'mapapo silinayankhidwe. Khansa imeneyi olo chithunzi chiwerengedwe ndi katswiri, pafupifupi mmodzi pa odwala 5 ekisireyi yake siionetsa, chifukwa chithunzichi ndi chafulati, zinthu zimasanjikizana, kachotupa kakhoza kubisala kuseri kwa mtima, kuseri kwa mafupa awiri opingasa a m'munsi mwa khosi aja, kapena pansi penipeni kuseri kwa chiwindi. Mphumu ekisireyi yake nthawi zambiri imakhala yabwinobwino. Magazi akaundana nkutseka mtsempha wa m'mapapo, zimene zimachitika kwa amayi amene angobereka kumene kapena munthu amene wagona nthawi yaitali, munthu amabanika koopsa chithunzi chili choyera. Chibayo chija cha PCP cha anthu a chitetezo chotsika chikamayamba sichioneka, umachidziwa pomuyendetsa munthu pang'ono nkuona mpweya wa m'magazi ukutsika pa kachida ka pachala. Ndipo khansa ya kum'mero, imene kuno ku Malawi ndi yochuluka kuposa maiko ambiri padziko, munthu amabwera akunena kuti pachifuwa pakundiwawa, ndawonda, nde wina amamutumiza kukajambula chifuwa, nambala nkutsika, pomwe funso limodzi lokha loti kodi nsima ikumadutsa bwino pakhosi likanaonetsa njira.

Ana ndiye ayi. Chilolezo cha 2021 chija chinayambira zaka 15, poti TB ya mwana imaoneka mosiyana, kawirikawiri ndi mwanabere wotupa pakati pa chifuwa osati mabowo, ndipo mapulogalamu amene anaunikidwa nthawiyo anaphunzira pa zifuwa za akuluakulu. Mwana wazaka 3 wa bambo uja sitinamuyeze ndi nambala, anaonedwa ndi anthu, anapezeka alibe zizindikiro nkuyamba mankhwala oteteza monga zimakhalira ndi mwana wosakwana zaka 5 amene akukhala ndi wodwala TB.

Palinso za kajambulidwe, zimene ojambula amazidziwa bwino koma pa liwiro la ntchito zimadumphidwa. Chithunzi chabwino munthu amaima, chifuwa chagunda pa bolodi, manja m'chiuno mapewa kutsogolo, wakoka mpweya wonse nkuugwira. Wodwalika sangaime, amajambulidwa atakhala kapena atagona, kuchokera kutsogolo, mtima umaoneka wokula kuposa mmene ulili, mapapo osafutukuka, munthu wapendekeka. Nthawi zina nsonga za mapapo, komwe TB imakonda, zadulidwa sizinalowe nkomwe m'chithunzi. Mikanda, kolona, mesh yolendewera pamapewa, zitsulo za bra, zonsezi zimasiya zithunzithunzi. Munthu akaona chithunzi chotere amati bwerezani. Pulogalamu kawirikawiri imangotulutsabe nambala, ndipo nambala ya chithunzi choipa imaoneka mofanana ndi ya chithunzi chabwino, 28 ndi 28 basi, siibwera ndi manyazi. Ndiye ngati palibe amene watsegula chithunzi chenichenicho nkuwerenga nthiti, kuona ngati nsonga zonse ziwiri zalowa, nambalayo sitikudziwa kuti ndi ya chiyani.

China chimene ambiri sachidziwa, makampaniwa amatulutsa mitundu yatsopano ya pulogalamu yomweyo pakapita nthawi, ndipo manambala amasuntha. Chithunzi chimene mtundu wakale unachipatsa 50 mtundu watsopano ukhoza kuchipatsa nambala ina yotalikirana nayo. Ngati apanga apudeti koma mzere wasiyidwa pomwe unali, ndiye kuti mwasintha kuchuluka kwa odwala amene mukuwaphonya popanda amene wadziwa. Mzere wa CAD4TB sungautengenso nkukauika pa qXR, ndipo mzere umene unayenda bwino ku Pakistan kapena ku Bangladesh komwe HIV ndi yochepa si woti ungokopera ku Blantyre. WHO yomwe imanena kuti dera lililonse liyese mzere wake pa anthu ake. Njira yodziwira ngati mzere wanu uli pabwino ndi yotopetsa koma palibe ina, kwa kanthawi mumayeza makhololo a aliyense wa zizindikiro, wokwera nambala ndi wotsika yemwe, nkuwerenga kuti pansi pa mzere papezeka angati. Malo amene amangoyeza okwera okha sadzadziwa olo tsiku limodzi kuti akuphonya angati, mu rejisitala yawo zonse zimaoneka bwino, poti ophonyedwawo akabwerera amakagwera ku Queens kapena sabwerera nkomwe.

Kulakwitsa kwa mbali inayi ndingokhudza pang'ono poti kumaoneka msanga. Amene anadwalapo TB nkuchira amatsala ndi zipsera m'mapapo, nde nambala yake imakhala yokwera moyo wake wonse, galimoto iliyonse ikabwera iye amagwidwa. Achikulire ndi amene anagwira ntchito m'migodi chimodzimodzi. Zimasowetsa mtendere, ndipo choopsa chake ndi kumuyambitsanso munthu mankhwala a miyezi 6 chifukwa cha nambala yokha pomwe vuto ndi zipsera. Komabe uyu amapita ku labu, wina amamuonanso, pali mwayi wokonza. Wa nambala yotsika uja palibe amene amamuonanso.

Ndipo tisanamizane, ife ogwira ntchito timafuna nambala yotsikayo. Uli wekha, panja pali anthu 80, wina walowa ndi pepala loti kompyuta yakana, mtima umapepuka, ndi mmodzi amene watha msanga. Ukamagwira ndi makina amene amalondola nthawi zambiri, pang'onopang'ono umasiya kutsegula chithunzi, kenako umasiya kufunsa za thukuta la usiku, poti mafunso ndi a chiyani yankho lili kale papepala. Kilinishani wachinyamata amene wangotuluka kumene ku koleji, amene sanazolowere kuwerenga yekha ekisireyi, kuti atsutsane ndi kompyuta ya azungu yodula mamiliyoni pamafunika mtima. Odwala nawonso chimodzimodzi, adokotala akanena kuti sindikuona kanthu munthu amatha kukayikira nkupita kwina, koma makina akanena, ndani angatsutse makina.

Chimene ine ndimachita, ndipo ndimawapempha anzanga, ndi chaching'ono. Nambala ndimaiyang'ana pomaliza, nditamufunsa kale munthu mafunso anayi aja, chifuwa, kutentha thupi, thukuta la usiku, kuwonda, nditaona sikelo ya lero ndi ya ulendo watha, nditadziwa za HIV ndipo ngati ali pa ma ARV ngati akumwadi. Munthu wa HIV amene ali ndi chizindikiro olo chimodzi makhololo amapereka, nambala ikhale 10 ikhale 90, ndipo ngati ndi wodwalika kapena CD4 yatsika mkodzo nawo uyezedwe. Mu kabuku sindilemba kuti `neg` ayi, ndimalemba nambala yeniyeniyo, mzere wa pamalopo, dzina la pulogalamu, ndi kuti makhololo sanayezedwe ngati sanayezedwe, kuti amene adzatsegule kabukuko mawa adziwe kuti chachitika ndi chiyani ndipo chatsala ndi chiyani. Kwa wodwala ndimanena kuti bambo, chithunzi chanu sichikuonetsa zizindikiro za TB lero, koma sichiona zonse, mukamaliza mankhwalawa chifuwa chikapanda kusiya pofika masabata awiri, kapena mukaona magazi, kapena thalauza likayamba kukhwepa, mubwerenso ndipo mudzanene kuti mukufuna kuyezetsa makhololo. Tsiku lobwereralo ndimalilemba mu kabuku, ndipo ngati wabwera ndi mkazi wake kapena mwana wake wamkulu ndimawauza onse awiri, chifukwa kunyumba amene amakumbukira ndi kukakamiza kuti tiyeni tibwerere nthawi zambiri si wodwalayo.